Sitetimenti inkati K4.2 miliyoni, koma wogula panalibe: zomwe ndinaona pogulitsa masheya anga

Nkhani iyi ndakhala nayo mumtima nthawi yaitali, ndipo chandikakamiza kuilemba ndi choti masiku ano aliyense akukamba za masheya, mu minibasi, ku ofesi, ngakhale ku tchalitchi tikatuluka, koma pafupifupi onse akukamba zogula basi, gula ichi chikwera, gula icho, palibe amene akukamba za tsiku lomwe udzafune ndalama yako. Ine tsiku limenelo linandifikira mu 2023 ndipo ndi lomwe linandiphunzitsa kuti mtengo womwe umaoneka pa lipoti la msika wa masheya ndi ndalama yomwe imalowa mu akaunti yako ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kampani yake sinditchula, broka wanga, amene amandigulira ndi kundigulitsira masheya, nayenso sindimutchula, chifukwa palibe amene anandibera kapena kundinamiza. Kampaniyo ilipo mpaka lero, ikugwira ntchito yake bwinobwino. Vuto linali loti masheya ake sayenda, ndipo ine sindimadziwa kuti chimenecho ndi chinthu choyenera kuyang'ana.

Mu 2021 ndinagula masheya 200,000 pa K15 iliyonse, ndiye kuti K3 miliyoni, pamwamba pake komishoni ya broka yomwe inapitirira pang'ono K30,000. Inali ndalama ya zaka zingapo, ina ya ma alawansi ina yogulitsa kagalimoto kanga kakale. Ndinatsegula akaunti kwa broka ku Blantyre, anandipangira akaunti ya CSD, kuja kumasungidwa masheya pa kompyuta m'malo mwa masatifiketi a pepala akale aja, ndinasaina fomu ya oda ndikulipira. Chomwe ndikufuna muchione bwino ndi ichi: kuti masheya 200,000 amenewo akwane zinatenga masabata atatu. Broka amandiimbira kuti lero tapeza 12,000, patapita masiku anayi ati tapeza 40,000, kenako zii sabata yonse. Ine ndinkasangalala, ndimati eeh ndiye kuti kampaniyi ndi yabwino, anthu sakufuna kuitaya. Sindinadzifunse kuti ngati kulowa kukuvuta chonchi, nanga kutuluka kudzakhala bwanji. Khomo lake ndi lomwelo, ngati ndi lopapatiza polowa lidzakhala lopapatizanso potuluka.

Zaka ziwiri zinadutsa, mtengo unakwera pang'onopang'ono mpaka K21. Mwezi uliwonse ndimachulukitsa 200,000 ndi mtengo wa pa lipoti, ndikulemba mu kabuku kanga. Pofika pakati pa 2023 mu kabukumo munali K4,200,000, ndipo mayi a kunyumba ndinawauza choncho, kuti tili ndi 4.2 mita ku masheya. Ndiye kunapezeka puloti yomwe takhala tikuifuna kwa zaka, mwini wake amafuna K4 miliyoni pasanathe masabata awiri chifukwa naye anali ndi vuto lake. Ndinamugwira chanza ndi mtima wonse, ndinati bambo musadandaule, ndalama ilipo, ndingogulitsa masheya.

Lolemba m'mawa ndinatumiza fomu yogulitsa, masheya onse 200,000 pa K21. Lachitatu ndinaimba. Mayi wa kwa broka uja anandiyankha mwaulemu koma mosabisa, anati bwana oda yanu tayiika, koma patsogolo panu pali anthu ena omwe akugulitsanso pa K21 yomweyo, onse pamodzi ndi masheya pafupifupi 340,000, ndipo ena akhala pamenepo kuyambira mwezi watha. Ndinafunsa kuti nanga K21 ikuonekayo yachokera kuti ngati palibe akugula? Anati malonda omaliza anachitika masiku asanu ndi anayi apitawo, munthu anagula masheya 1,500 basi. Ndinakhala chete pa foni. Masheya 1,500 pa K21 ndi K31,500. Ndiye kuti 4.2 mita yonse yomwe ndinalonjeza nayo munthu puloti inaima pa malonda a K31,500 a munthu mmodzi yemwe mwina amangoyesa msika.

Apa ndi pomwe ndinamvetsa chomwe anthu a zachuma amati likwiditi. Mwachichewa chake ndi kungoti, kodi chinthu chako ungachisandutse ndalama msanga bwanji popanda kutsitsa mtengo kwambiri. Taganizani muli pa kamsika ka kumudzi pomwe chimanga chikugulidwa pa ndowa, munthu mmodzi lero ndowa imodzi, mawa wina ndowa ziwiri, mtengo wa ndowa aliyense akuudziwa. Inu mwafika ndi lole ya matumba 200. Mtengo wa ndowa uja ndi woona, palibe akunama, koma si mtengo wa lole yanu, chifukwa pa kamsika pamenepo palibe anthu okwanira ogula matumba 200 pa mtengo umenewo. Mukafuna kubwerera chopanda katundu tsiku lomwelo mudzatsitsa mpaka vendala wa ndalama zambiri achite chidwi, ndipo iyeyo akudziwa kuti mwapanikizika.

Mayi uja anandithandiza chinthu chimodzi chomwe ndikanachipempha zaka ziwiri m'mbuyomo, anandiwerengera ma oda omwe anali mu sisitimu. Kuyambira 2018 Malawi Stock Exchange imachita malonda pa kompyuta, ndiye broka amaona mzere wa ofuna kugula ndi mzere wa ofuna kugulitsa, mitengo yawo ndi kuchuluka kwake. Mbali ya ogula, yomwe pa lipoti amalemba kuti Bid, panali wofuna 10,000 pa K19.50, kenako wina 25,000 pa K18, ndipo anati pali kasitomala wina amene wanena kuti atha kutenga 60,000 ngati mtengo utafika K17. Basi. Onse pamodzi 95,000, osafika ngakhale theka la masheya anga. Mbali ya ogulitsa, Offer, ndi kumene kunali chigulu chija pa K21, ine ndili kumchira, chifukwa sisitimu imayamba ndi wa mtengo wotsika, ndipo mitengo ikafanana imayamba ndi amene anaika oda poyamba.

Muone mpata umenewo, wogula wapamwamba K19.50, wogulitsa wotsikitsitsa K21. Kusiyana kwake K1.50, komwe ndi pafupifupi 7 peresenti. Ndiye kuti munthu atagula m'mawa pa K21 ndikusintha maganizo masana, waluza kale 7 peresenti asanalipire komishoni mbali zonse ziwiri. Pa sheya yomwe ikuyenda bwino mpata umenewu umakhala wa matambala ochepa chabe.

Sabata yoyamba inatha osagulitsa ngakhale imodzi. Ndinali ndikuumirirabe pa K21, mumtima ndimati chuma changa sindingachitaye. Sabata yachiwiri mwini puloti anayamba kuimba kawiri pa tsiku, ndipo madzulo ena ndinakhala mu galimoto ya mnzanga panja pa ofesi, foni ikulira pa mwendo, dzina lake likuwala, ine ndikungoiyang'ana chifukwa ndinalibe chomuuza chatsopano. M'mawa mwake ndinauza broka kuti gulitsani kwa wa K19.50 uja. Anatenga 10,000 yake, K195,000. Tsiku lotsatira ndinatsika pa K18, anapita 25,000, K450,000. Patapita masiku awiri wa K17 uja anatenga 60,000, K1,020,000. Sizinatheke kuchita zonse tsiku limodzi, chifukwa msika uli ndi malire a mmene mtengo ungatsikire kapena kukwera pa tsiku, komanso wa 60,000 uja amayenera kaye kuika ndalama yake kwa broka wake.

Chinandiwawa kwambiri ndi choti lipoti la msika linayamba kuonetsa kuti sheyayi yagwa kuchoka pa K21 kufika pa K17, ndipo amene anaigwetsa ndinali ine ndemwe. Kampani sinalengeze nkhani yoipa ina iliyonse, palibe chinasintha ku bizinesi yawo, anangokhala munthu mmodzi wa puloti ya K4 miliyoni akufuna ndalama. Ndipo ena mwa aja anaima pa K21 ataona mtengo ukutsika anachita mantha, anatsitsa nawo ma oda awo kubwera pa K17, ndiye masheya anga otsala 105,000 anapezekanso ali pa mzere ndi anthu ena, ogula kulibe. Mukamagulitsa katundu wambiri pa msika wopyapyala mumadzipondereza nokha, chigawo chilichonse chomwe mwagulitsa chimatsitsa mtengo wa chomwe chatsala m'manja.

Pofika tsiku lomwe tinagwirizana ndi mwini puloti ndinali nditagulitsa za K1,665,000, ndipo ngakhale imeneyo siinali yonse mu akaunti, chifukwa ukagulitsa ndalama siibwera tsiku lomwelo, pamadutsa masiku atatu a ntchito kuti malonda amalizike, kenako broka atumize ku banki yako. Wogulitsa Lachinayi asayembekezere kanthu sabata imeneyo. Ndinapita kwa bamboyo ndi zomwe zinalipo, ndinawapempha kuti andidikire mwezi umodzi, anavomera pokhapokha nditafikitsa K3 miliyoni nthawi yomweyo. Mayi a kunyumba anakatenga K1 miliyoni ku banki m'khonde ya gulu lawo pa chiwongola dzanja cha 20 peresenti pa mwezi, ina yotsala alamu anga anandibwereka. Sindiiwala mmene mayiwo anandifunsira usiku umenewo, osakalipa ayi, anangoti abambo, si munati ndalama ilipo? Ndinawaonetsa kabuku kaja ndi sitetimenti, zonse zikuti ilipo.

Masheya otsala 105,000 anagulidwa mu sabata yachisanu. Broka anachita kuimbira makasitomala ake akuluakulu, mmodzi anati atenga onse pa kamodzi koma pa K16. Ndinavomera, K1,680,000. Tsopano tiwerengere limodzi. 195,000 kuphatikiza 450,000 kuphatikiza 1,020,000 kuphatikiza 1,680,000 ikukwana K3,345,000. Mukagawa ndi 200,000 mupeza kuti sheya iliyonse ndinaigulitsa pa K16.73, osati K21. Kusiyana ndi 4.2 mita ya mu kabuku ndi K855,000, gawo limodzi mwa magawo asanu a chuma chomwe ndimaganiza kuti ndili nacho. Komishoni ndi msonkho wake wa VAT zinadya ina pafupifupi K45,000, ndinatsala ndi K3.3 miliyoni. Chotsanipo K3 miliyoni ndi komishoni yogulira ija, phindu la zaka ziwiri linali cha m'ma K265,000, ndipo K200,000 mwa imeneyo inapita ku chiwongola dzanja cha banki m'khonde. Kumbukiraninso kuti mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndiye K3 miliyoni ya 2023 siinagule simenti yomwe K3 miliyoni ya 2021 ikanagula. Dividendi, gawo la phindu lomwe kampani imagawira eni masheya, yomwe ndinalandira m'zaka ziwirizo inali yochepa, siinatseke dzenje limeneli. Puloti tinaipeza, koma ngongole ya alamu ndinaimaliza patapita miyezi isanu ndi iwiri.

Zitatha izi ndinafuna kumvetsa chifukwa chake zili chonchi, ndipo zifukwa zake si zobisika. Msika wathu ndi waung'ono, kampani yoyamba kulembedwa inali NICO mu 1996, ndipo mpaka pano makampani onse sakwana 20. Komanso mu kampani iliyonse gawo lalikulu la masheya lili m'manja mwa eni ake akuluakulu omwe sagulitsa. Mwachitsanzo Airtel Malawi ndi FDH Bank polowa pa msika mu 2020 anagulitsa kwa anthu 20 peresenti ya kampani, ina yonse inatsala kwa eni. Pa gawo lomwe lili kunja lija, lambiri limagwidwa ndi mathumba a penshoni ndi makampani a inshulansi, omwe mwezi uliwonse amalandira ndalama za ogwira ntchito ndipo alibe malo ambiri oziika, ndiye akagula amangokhala nazo zaka ndi zaka akudya dividendi. Zomwe zimazungulira tsiku ndi tsiku pakati pa anthu ngati inu ndi ine ndi kachigawo kakang'ono kwambiri. Ndipo palibe munthu kapena bungwe lomwe lili ndi udindo wogula masheya anu tsiku lomwe mwawafuna kugulitsa. Broka si wogula, ntchito yake ndi kukupezerani wogula. Kampani yomwe muli nayo masheya siikubwezerani ndalama ngati banki. Ambiri oyamba kumene sadziwa chimenechi, ine ndinali mmodzi wa iwo.

Si masheya onse omwe ali chimodzimodzi, ndisakunamizeni. Alipo ena, makamaka a mabanki ena ndi a mafoni, omwe amagulidwa pafupifupi tsiku lililonse, ndipo munthu wa masheya a K500,000 amatuluka mosavuta. Ena amatha sabata kapena kuposerapo popanda malonda ngakhale amodzi. Ndipo sheya yomweyo imasintha ndi nyengo, nthawi yomwe aliyense akuithamangira ogulitsa ndi amene amasowa, mtengo umakwera tsiku ndi tsiku pa timalonda tating'ono, ndiye mphepo ikatembenuka ogula onse aja amazimiririka tsiku limodzi. Kupyapyala komwe kumakweza mtengo mwachangu ndi komweko komwe kumakutsekerani mkati.

Ndiye panopa ndisanagule chilichonse ndimachita ka masamu kamodzi komwe sikatenga ola. Ndimatenga malipoti a tsiku ndi tsiku a msika a mwezi wathunthu, masiku a malonda pafupifupi 20, omwe broka amatumiza kapena amapezeka ku Malawi Stock Exchange komweko, ndikulemba pansi nambala ya pa Volume, kuchuluka kwa masheya omwe agulitsidwa, ya sheya yomwe ndikuifuna, tsiku lililonse palokha. Nditabwerera m'mbuyo kukachita zimenezi pa sheya yomwe inandivuta ija, pa mwezi womaliza ndisanayambe kugulitsa, ndinapeza kuti masiku 11 mwa 20 panali ziro. Mwezi wonse anagulitsidwa masheya 900,000, nambala yooneka yabwino, koma 800,000 mwa amenewo anali malonda amodzi a tsiku limodzi, akuluakulu awiri kupatsirana. Malonda otere muziwachotsa powerengera chifukwa inu simudzakhalapo pamenepo. Otsala 100,000 kugawa ndi masiku 20 ndi 5,000 pa tsiku. Masheya anga 200,000 kugawa ndi 5,000 ndi masiku 40 a malonda, miyezi iwiri yathunthu, ndipo apo ndiye kuti wogula aliyense akugula kwa ine ndekha, aja a 340,000 kulibe. Nambala imeneyi inalipo poyera nthawi yonseyi, ndikanaiwerenga sindikanalonjeza munthu masabata awiri.

Lamulo lomwe ndinadziikira ndi loti ngati zomwe ndikufuna kugula zikuposa zomwe zimagulitsidwa pa masiku asanu wamba, ndimachepetsa, kapena ndimavomereza mumtima kuti ndalama imeneyi ndaikwirira, sindidzaifuna mwadzidzidzi. Si lamulo la m'buku, ndi langa, wina atha kuika masiku khumi. Kenako ndimaimbira broka ndikufunsa funso lomwe poyamba ndimachita nalo manyazi: achimwene, nditati ndigulitse lero kuchuluka kwakuti, mbali ya ogula kuli angati ndipo pa mitengo yanji? Amayankha, ndi ntchito yawo. Ngati pa Bid palibe kanthu masiku angapo otsatizana pomwe pa Offer padzaza, ameneyo ndi mzere wa anthu ofuna kutuluka, ndipo mukagula mwalowa m'chipinda chomwe anzanu akukanganirana chitseko. Mu kabuku kanga kaja sindichulukitsanso ndi mtengo wa malonda omaliza, ndimachulukitsa ndi Bid, ndikuchotsanso 10 peresenti ngati sheyayo ndi yogona.

Pogulitsa napo ndinaphunzira mochedwa. Kuuza broka kuti ingogulitsani pa mtengo uliwonse ndi koopsa pa sheya yotere, chifukwa oda yanu imadya wogula woyamba, wachiwiri, wachitatu, kutsikira pansi mpaka itatha. Lembani pa fomu mtengo womwe simukufuna kutsika kuposa pamenepo. Komanso kuika mulu wonse pa kamodzi kumaopseza ogula, akaona 200,000 yaima amadziwa kuti pali wina wapanikizika ndipo amangodikira kuti atsike. Ndikanayamba miyezi itatu m'mbuyo, 15,000 sabata ino 20,000 sabata ya mawa, makamaka nthawi yomwe kampani yangotulutsa zotsatira za chaka kapena yalengeza dividendi pomwe ogula amachulukako, ndikukhulupirira kuti ambiri akanapita pakati pa K19 ndi K20. Cholakwika changa china chinali kuumirira pa K21 sabata yoyamba ija, kumchira kwa mzere. Ndikanaika K20.50 tsiku loyamba ndikanakhala patsogolo pa onse aja, wogula aliyense wobwera akanayamba ndi ine.

Masheya sindinasiye, ndili nawo m'makampani atatu panopa, ndipo imodzi mwa iwo ndi yogona ndithu, ndinaigula dala chifukwa cha dividendi, pang'ono chabe. Koma ndalama ya fizi ya ana, ya lendi ndi ya chilichonse chomwe chili ndi deti lake ndimaisunga kwina komwe ndingaitenge pa masiku ochepa ndikudziwiratu kuti idzakhala zingati. Mwezi watha mphwanga anandiimbira ali wokondwa kuti masheya ake akwera ndipo akufuna akagulitse sabata yomwe sukulu ikutsegulira kuti alipire fizi ya mwana wake wa fomu 3. Ndinamuuza kuti atumize fomu yogulitsa mawa lomwe, theka kaye, ndipo afunse broka kuti ogula alipo angati. Anandiimbiranso Lachisanu, anati pa masheya 30,000 omwe anaika agulidwa 4,000, otsalawo akudikira.